Kukopera, kutumiza mafayilo, masikirini angapo ndi mawu mukalowa pa kompyuta yakutali

Mukalowa pa kompyuta yakutali kudzera pa Remote Desktop Connection ya Windows, chithunzi cha sikirini ya uko chimabwera kwa inu, ndipo zimene mukulemba pa kiyibodi ndi kayendedwe ka mausi zimapita uko. Zina zonse, monga zimene mwakopera, madisiki anu, mawu a sipika ndi maikolofoni, zimadutsa m'tinjira tapadera. Makompyuta awiriwo amagwirizana za tinjira timeneti pa nthawi yolumikizana, inu musanaone n'komwe sikirini yakutaliyo. N'chifukwa chake munthu amene walowa kale n'kumafufuza m'kati muja pamene angatsegulire maikolofoni kapena sikirini yachiwiri amangotaya nthawi. Zimenezi zimakonzedwa kunja, musanadine Connect, ndipo mukasintha chilichonse muyenera kutuluka n'kulumikizanso.

Pali malo atatu amene angakanize chinthu kudutsa. Oyamba ndi kompyuta imene ili patsogolo panu, kumene mumasankha zoti zidutse. Achiwiri ndi malamulo amene oyang'anira makompyuta anaika pa kompyuta yakutaliyo, ndipo malamulowo akakana, zosankha zanu sizigwira ntchito ngakhale mutachonga mabokosi onse. Achitatu ndi timapulogalamu timene timagwira ntchito m'kati mwa seshoni yanu, kutanthauza ulendo wanu umodzi wolowa pa kompyuta yakutaliyo. Chinthu chikavuta, fufuzani motsatira ndondomeko imeneyi, chifukwa malo oyambawo ndi amene amakhala ndi vuto kawirikawiri komanso ndi osavuta kukonza.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze kuti munthu akugwira ntchito ali kunyumba. Ali ndi laputopu ndi masikirini ena awiri, akufuna kutumiza fayilo ya magigabaiti 3 ku kompyuta ya kuntchito, ndipo pulogalamu ina ya pa kompyuta ya kuntchitoyo imafuna maikolofoni. Kompyuta ya kuntchitoyo ili ndi Windows ya mtundu wa Pro kapena Enterprise, popeza ya Home simalandira alendo kudzera pa Remote Desktop, imangotha kupita kwa ena.

Yambani ndi fayilo yosunga zosankha zanu

Dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani `mstsc` n'kudina Enter. Pa kazenera kamene katseguke musathamangire kulemba dzina la kompyuta. Dinani kaye Show Options m'munsimo. Muona masamba angapo, koma athu ndi atatu: General, Display ndi Local Resources.

Pa tsamba la General lembani dzina kapena adiresi ya kompyuta yakutali, kenako dinani Save As n'kusunga fayilo, tinene kuti `ntchito.rdp`. Mukapanda kutero, Windows imasunga zosankha zanu mu fayilo yobisika yotchedwa `Default.rdp` mu foda ya Documents, ndipo zimene mwasankha polowa pa kompyuta ina zimakutsatirani polowa pa inanso. Apa ndi pamene munthu amapezeka kuti watsegulira madisiki ake onse kwa kompyuta imene saidziwa bwino, chifukwa dzulo lake anachonga bokosilo polowa pa kompyuta yake yomwe. Ine ndimakonda kuti kompyuta yakutali iliyonse ikhale ndi fayilo yake.

Fayilo ya `.rdp` ndi mawu wamba. Mukaidina kawiri imakulumikizani ndi zosankha zimene zili m'menemo, koma mukaidina ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Edit, kazenera kaja kamatseguka. Mukaitsegula ndi Notepad, mumaona mizere yambiri, mzere uliwonse chosankha chimodzi. Tidzafuna njira zonse ziwiri, chifukwa pali chinthu china chokhudza masikirini chimene chilibe bokosi lochonga.

Kilipibodi

Pa tsamba la Local Resources, m'munsi, pali bokosi lolembedwa Clipboard, kapena kuti kilipibodi, malo amene kompyuta imasungamo zimene mwakopera. Limabwera lochonga kale, ndipo mu fayilo ija limaoneka chonchi:

```
redirectclipboard:i:1
```

Likakhala lochonga, mukhoza kukopera mawu, chithunzi kapena fayilo mbali imodzi ndi Ctrl+C n'kumata mbali inayo ndi Ctrl+V. Kukoka fayilo ndi mausi n'kuiponya m'zenera la kompyuta yakutali sikugwira ntchito pa `mstsc`, ndiye musadabwe zikakana.

Ndi bwino kudziwa mmene zimayendera pansipansi. Mukakopera chinthu, chinthucho sichinyamuka nthawi yomweyo. Chimene chimapita ndi uthenga wonena kuti kuno kuli mawu, kapena kuli fayilo yakutiyakuti. Chinthu chenichenicho chimayamba kuyenda pamene mwadina Ctrl+V mbali inayo. Zimenezi zili ndi zotsatira zake. Ngati fayilo ikuyenda kudzera pa kilipibodi, inu n'kukopera kachiganizo kena pa kompyuta yanu poyembekezera, nthawi zambiri ulendo wa fayilowo umaduka pakati chifukwa kilipibodi yasintha, ndipo uthenga umene umabwera sufotokoza chifukwa chake. Fayilo ikamayenda mwa njira imeneyi, siyani kaye Ctrl+C mbali zonse ziwiri mpaka ifike.

Ku mbali yakutali, ntchito yonseyi imagwiridwa ndi kapulogalamu kotchedwa `rdpclip.exe`, ndipo wogwiritsa ntchito aliyense amakhala ndi kake mu seshoni yake. Kamakonda kuuma, makamaka ngati seshoni yakhala masiku ambiri osatsekedwa kapena netiweki yakhala ikudukaduka. Chizindikiro chake n'chakuti kukopera kunkayenda bwino m'mawa koma tsopano mukamata pakubwera zinthu zakale, kapena Paste yazilala ndipo siikudinika. Simufunika kuzimitsa kompyuta. M'kati mwa seshoni yakutaliyo tsegulani Command Prompt n'kulemba mizere iwiri iyi:

```
taskkill /f /im rdpclip.exe /fi "USERNAME eq %USERNAME%"
start rdpclip.exe
```

Mzere woyamba ukutseka kapulogalamuko, wachiwiri ukukadzutsanso. Chigawo cha `/fi` chija musachisiye ngati muli pa seva imene anthu ambiri alowapo ndipo muli ndi mphamvu za woyang'anira, chifukwa popanda icho mutseka kilipibodi ya aliyense. Mukatero koperaninso chinthucho mwatsopano, popeza uthenga wakale uja unapita ndi kapulogalamu kotsekedwako.

Koma ngati kukopera sikunagwirepo ntchito chiyambire, kapena mawu akudutsa koma mafayilo ayi, vuto si `rdpclip.exe`. Pamenepo ganizirani za malamulo. Pali lamulo lotchedwa Do not allow Clipboard redirection limene limatseka kilipibodi yonse. Palinso lina, Do not allow drive redirection, limene dzina lake likunena za madisiki okha koma pa Windows 8, Windows Server 2012 ndi zotsatira zake limatsekanso kukopera mafayilo kudzera pa kilipibodi, n'kusiya mawu akudutsa. Mukhoza kuona nokha ngati malamulowa aikidwa polemba mzere uwu ku mbali yakutali, umene umangowerenga osasintha kanthu:

```
reg query "HKLM\SOFTWARE\Policies\Microsoft\Windows NT\Terminal Services"
```

Mukaona `fDisableClip` ili ndi `0x1`, kilipibodi yatsekedwa. Mukaona `fDisableCdm` ili ndi `0x1`, madisiki ndi kukopera mafayilo zatsekedwa. Apo lekani kulimbana nazo. Nthawi zambiri zimatsekedwa dala kuti zikalata za kuntchito zisamatuluke, ndipo choyenera ndi kufunsa oyang'anira njira imene avomereza yotumizira mafayilo.

Chenjezo limodzi. Kilipibodi ikatseguka, mawu achinsinsi amene mwakopera pa kompyuta yanu kuti mulowe kwina akhoza kuwerengedwa ndi pulogalamu iliyonse ya mu seshoni yakutaliyo, ngakhale simunawamate kumeneko. Pa kompyuta imene simuikhulupirira, chotsani chongi pa bokosilo.

Fayilo yaikulu ija

Kachikalata ka mapeji ochepa kamadutsa bwinobwino pa kilipibodi. Fayilo ya magigabaiti 3 ndi nkhani ina. Microsoft inalemba yokha kuti kukopera fayilo yoposa magigabaiti 2 kudzera pa kilipibodi ya Remote Desktop kumalephera, nthawi zina mwakachetechete popanda uthenga uliwonse, ndipo inalangiza kugwiritsa ntchito madisiki m'malo mwake. Ngakhale fayilo itachepera pamenepo, kilipibodi siitha kupitiriza pamene yalekezera. Netiweki ikaduka fayilo itatsala pang'ono kufika, mumayambiranso pachiyambi.

Njira yodalirika ndi kutsegula disiki. Pa tsamba la Local Resources dinani More, kenako kachizindikiro ka + pambali pa Drives, ndipo muona madisiki onse a pa kompyuta yanu. Apa anthu ambiri amangochonga Drives pamwamba, zimene mu fayilo ija zimalembedwa `drivestoredirect:s:*`, kutanthauza onse. Sindikulangizani zimenezi. Disiki ikatsegulidwa, kompyuta yakutali ikhoza kuwerenga, kulemba ndi kufufuta m'menemo ndi mphamvu zofanana ndi zanu. Ngati uko kuli pulogalamu yoipa ya mtundu wotsekera anthu mafayilo awo, disiki yanu imaoneka kwa iyo ngati foda ina iliyonse ya pa netiweki. Zili ngati kupatsa mlendo makiyi a nyumba yonse pamene anangopempha mpando.

Vuto n'lakuti `mstsc` imalola kusankha disiki yathunthu yokha, osati foda imodzi. Koma pali njira yozungulira. Pa kompyuta yanu pangani foda, tinene `C:\Kusinthana`, kenako mu Command Prompt wamba lembani:

```
subst R: C:\Kusinthana
```

Tsopano Windows ikuona fodayo ngati disiki yotchedwa R. Tsegulaninso `ntchito.rdp` ndi Edit, pitani ku More, ndipo R ioneka pa mndandanda. Chongani iyo yokha n'kusunga fayilo yanu ya `.rdp`. Pali zinthu ziwiri zoti musamale. Mukalemba mzerewu mu Command Prompt yotsegulidwa ndi Run as administrator, disikiyo siioneka kwa `mstsc` yotsegulidwa mwa nthawi zonse, choncho gwiritsani ntchito yawamba. Komanso R imazimiririka mukazimitsa kompyuta, ndiye mawa muyenera kulembanso mzerewo musanalumikize. Ngati fayilo ili pa fulashi, palibe chifukwa cha zonsezi, ingochongani chilembo cha fulashiyo. Bokosi la Drives that I plug in later ndi la fulashi imene mudzalowetse mutalumikiza kale.

Mukamalumikiza, Windows ikhoza kukuchenjezani kuti kompyuta yakutali ipeza mwayi wofika pa zinthu zanu. Werengani mndandanda wake kaye, muone ngati zimene zachongedwa ndi zomwe mumafuna.

Mukalowa, tsegulani This PC ku mbali yakutali. Disiki yanu ioneka ndi dzina longa R on kenako dzina la laputopu yanu. Ngati siikuoneka, lembani `\\tsclient\R` pamalo olemba adiresi mu File Explorer. Dzina lakuti `tsclient` nthawi zonse limatanthauza kompyuta imene mwakhalapo, kaya dzina lake lenileni ndi liti. Adiresi imeneyi ikakananso, ndiye kuti mwina simunalumikizenso mutachonga, kapena lamulo lija latseka.

Musanayambe kutumiza, werengerani nthawi. Fayilo yochoka kwa inu kupita kutali imayenda ndi liwiro lotumizira la intaneti yanu, limene pa mizere yambiri ndi locheperapo kuposa lolandirira. Magigabaiti 3 ndi pafupifupi mamegabiti 24,000. Ngati mzere wanu umatumiza mamegabiti 10 pa sekondi, pafunika masekondi 2,400, amene ndi mphindi 40, ndipo kunena zoona zidzaposa pamenepo chifukwa fayilo ikuyenda mu njira yomweyo imene chithunzi, kiyibodi ndi mawu zikudutsa. Pa nthawi imeneyo mausi imatha kumachedwa kuyankha. Si kuti china chawonongeka, njira yangodzaza. Musayambe kutumiza fayilo yotere patatsala mphindi zisanu kuti msonkhano uyambe.

Pa ulendo wa mphindi 40, netiweki ikhoza kuduka. Choncho m'malo mokopera ndi File Explorer, gwiritsani ntchito `robocopy`, imene imabwera kale ndi Windows. Ikani fayilo mu `C:\Kusinthana`, kenako mu Command Prompt ya ku mbali yakutali lembani:

```
robocopy \\tsclient\R "%USERPROFILE%\Documents\Zolandira" kaundula.zip /Z /R:5 /W:10
```

Choyamba ndi kumene fayilo ikuchokera, chachiwiri ndi kumene ikupita, chachitatu ndi dzina lake. `/Z` ndi imene ikuchititsa kuti ikaduka ipitirize pamene inalekezera. Mukalumikizanso, lembaninso mzere womwewo ndipo iyambira pomwepo. `/R:5` ndi `/W:10` zikutanthauza kuti iyese kasanu, kudikira masekondi 10 pakati pake. Mukazisiya, `robocopy` imayesa maulendo 1,000,000, kudikira masekondi 30 ulendo uliwonse, ndipo mungaganize kuti yauma pamene ikungodikira.

Ikamaliza, ngati fayiloyo ndi yofunika, tsimikizani kuti yafika yathunthu. Mu PowerShell, mbali zonse ziwiri, lowani mu foda imene muli fayiloyo n'kulemba `Get-FileHash kaundula.zip`. Mzere wautali wa manambala ndi zilembo umene utuluke uyenera kufanana ndendende kuno ndi uko. Ukasiyana, tumizaninso.

Mwina mwaona kuti fayilo ya m'chitsanzochi ndi ya `.zip`. Ndachita dala. Njira ya `tsclient` imachedwa kwambiri ndi timafayilo tambirimbiri tating'ono, chifukwa kafayilo kalikonse kamafuna kufunsana kangapo pakati pa makompyuta awiriwo, kutsegula, kulemba, kutseka. Foda ya timafayilo zikwi zingapo imatha kutenga nthawi yaitali kuposa fayilo imodzi yolemera mofanana. Imangeni pamodzi kaye. Pa chifukwa chomwecho, musatsegule chikalata chachikulu mwachindunji kuchokera pa `\\tsclient` n'kumachigwirira ntchito pomwepo. Netiweki ikaduka chikusungidwa, chikhoza kuwonongeka. Chikopereni ku disiki ya uko, gwirani ntchito, kenako chibwezeni.

Masikirini awiri mwa atatu

Kuyambira pa Windows 7, imene inatuluka mu 2009, Remote Desktop imatha kuona sikirini iliyonse payokha, mpaka masikirini 16. Pa tsamba la Display chongani Use all my monitors for the remote session, ndipo mukalumikiza kompyuta yakutali idzadza masikirini anu onse, motsatira mmene munawasanjira mu Display settings ya pa kompyuta yanu. Kulemba `mstsc /multimon` kumachita zomwezo. Musasokoneze ndi `mstsc /span`, njira yakale imene imalumikiza masikirini kukhala chinsalu chimodzi chotambalala. Imeneyo imafuna masikirini ofanana kukula, oyalidwa motsatana, ndipo mukakulitsa zenera limadutsa pakati pa masikirini awiri. Mukaona zimenezo, dziwani kuti muli pa `/span`.

Munthu wathu uja sakufuna onse atatu. Akufuna awiri akuluwo akhale a kuntchito, sikirini ya laputopu itsale yake. Palibe bokosi la zimenezi, koma zimatheka mu fayilo ya `.rdp`. Choyamba lembani izi pa kompyuta yanu:

```
mstsc /l
```

Chilembocho ndi L yaing'ono. Patuluka kazenera kosonyeza sikirini iliyonse, nambala yake, kukula kwake ndi malo ake. Manambalawa amayambira pa 0, ndipo kawirikawiri safanana ndi amene Display settings imaonetsa, ndiye musadalire amenewo. Zindikirani sikirini iliyonse poona kukula ndi malo ake. Imene malo ake akuyambira pa 0, 0 ndi sikirini yanu yaikulu, ndipo imene nambala yoyamba ya malo ake ili ndi kamzere kochotsera ili kumanzere kwa imeneyo. Tinene kuti laputopu ndi 0, akuluwo ndi 1 ndi 2. Tsegulani `ntchito.rdp` ndi Notepad ndipo onetsetsani kuti muli mizere iyi:

```
screen mode id:i:2
use multimon:i:1
selectedmonitors:s:1,2
```

Mzere ukakhala kuti ulimo kale, sinthani womwewo, musawonjezere wachiwiri. Nambala imene mwayamba kulemba pa `selectedmonitors` ndiyo idzakhale sikirini yaikulu ku mbali yakutali, choncho `2,1` ndi `1,2` zimasiyana. Masikirini osankhidwawo ayenera kukhala ogundizana pa kasanjidwe kawo. Ngati laputopu ili pakati pa awiriwo, sizitheka mpaka mutaisunthira kumapeto mu Display settings. Ndipo tsiku lina mukadzapeza kuti seshoni yatsegukira pa masikirini olakwika mutazula ndi kubwezera zingwe, lembaninso `mstsc /l`, chifukwa manambalawa amatha kusintha.

Ngati mwachita zonsezi koma seshoni ikutseguka pa sikirini imodzi, pakhoza kukhala lamulo la Limit number of monitors ku mbali yakutali.

Kukula kwa zilembo nakonso kumachokera kwa inu. Mukayesa kusintha mu Display settings ya uko, mupeza uthenga wonena kuti sizingasinthidwe muli mu seshoni yakutali. Sinthani pa kompyuta yanu n'kulumikizanso. Zilembo zikakhalabe zazing'ono kwambiri kapena zosaoneka bwino m'mapulogalamu ena, ndi chifukwa chakuti mapulogalamuwo anatsegulidwa pa sikirini ya mtundu wina ndipo akusungabe muyezo wakale. Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri. Kudina X pa kachingwe ka pamwamba kumangodula kulumikizana, seshoni imakhalabe yamoyo ndi mapulogalamu ake onse. Sign out ndiye imatseka seshoni yonse. Sungani ntchito yanu, chitani Sign out, lowaninso, ndipo zilembo zibwera bwino.

Dziwaninso kuti sikirini iliyonse yowonjezera ndi chithunzi chowonjezera choti chiyende. Netiweki ikakhala yofooka, kubwerera ku sikirini imodzi kumathandiza kuposa kusintha zina zonse. Mukafuna kutuluka pa sikirini yodzaza mwamsanga, Ctrl+Alt+Break imachepetsa zenera ndi kulibwezeranso, pamene Ctrl+Alt+End ndi imene imatumiza Ctrl+Alt+Delete ku mbali yakutali.

Mawu

Pa tsamba la Local Resources, pamwamba, pansi pa Remote audio dinani Settings. Chigawo choyamba ndi cha mawu otuluka, ndipo chili ndi zosankha zitatu. Play on this computer imabweretsa mawu kwa inu, ndipo ndi imene imakhala yosankhidwa kale. Do not play imawazimitsa, zimene zimapeputsa netiweki. Play on remote computer imawasiya uko, kutanthauza kuti atulukira pa sipika za kompyuta yakutaliyo, m'chipinda mmene mwina muli anthu ena, inu osamva kanthu. Chigawo chachiwiri ndi cha maikolofoni, ndipo chimabwera chili pa Do not record. Munthu wathu asankhe Record from this computer. Mu fayilo ija zimenezi ndi mizere iwiri:

```
audiomode:i:0
audiocapturemode:i:1
```

Pa `audiomode`, 0 ndi kwa inu, 1 ndi uko, 2 ndi kuzimitsa.

Mukalowa, lembani `mmsys.cpl` ku mbali yakutali kudzera pa batani la Windows ndi R, kapena pa Start. Pa tsamba la Playback muyenera kuona chipangizo chimodzi chotchedwa Remote Audio, ndipo pa tsamba la Recording chinanso cha dzina lomwelo. Mahedifoni anu simuwaona ndi dzina lawo, ndipo si cholakwika. Kompyuta yakutali imangodziwa Remote Audio, pamene kusankha ngati mawu atulukire pa mahedifoni kapena pa sipika kumachitika pa kompyuta yanu. Choncho lowetsani mahedifoni ndi kuwasankha kuti akhale ogwiritsidwa ntchito musanalumikize. Pulogalamu ya uko ikafunsa kuti maikolofoni ndi iti, yankho ndi Remote Audio.

Kazenera kameneka kamathandizanso kupeza pamene pali vuto. Ngati Remote Audio ilipo pa Playback ndipo timizere tobiriwira tikukwera pamene nyimbo ikuimba koma inu simukumva, mawu akuchoka uko bwinobwino ndipo vuto lili kwa inu. Tsegulani Volume mixer pa kompyuta yanu, chifukwa Remote Desktop Connection ili ndi muyezo wakewake umene ukhoza kukhala wotsitsidwa. Ngati Remote Audio palibe n'komwe, onani chosankha chija, kenako malamulo a Allow audio and video playback redirection ndi Allow audio recording redirection. Pa Windows Server pali chifukwa chinanso chofala: ntchito yotchedwa Windows Audio siidzuka yokha pa seva yongoikidwa kumene. Lembani `Get-Service Audiosrv` mu PowerShell, ndipo mukaona Stopped, woyang'anira ayenera kuidzutsa, inu n'kuchita Sign out ndi kulowanso.

Maikolofoni ili ndi chipata china chimene chimaiwalika. Mu Settings, pa chigawo cha Privacy, pali tsamba la Microphone, ndipo pamenepo pali chilolezo choti mapulogalamu agwiritse ntchito maikolofoni. Pa kompyuta yanu, `mstsc` ili m'gulu la desktop apps, ndiye chilolezo cha gulu limenelo chiyenera kukhala chotsegula. Ku mbali yakutali nakonso pulogalamu imene ikufuna mawu anu iyenera kuloledwa. Kuti mudziwe mbali imene yatseka, lankhulani mukuyang'ana tsamba la Recording la uko. Timizere tikapanda kusuntha, mawu sakufika ndipo yambirani kwa inu. Tikasuntha koma pulogalamu osamva, vuto lili uko.

Pa misonkhano ya pa intaneti, maganizo anga ndi akuti muzilowa kuchokera pa kompyuta imene ili patsogolo panu ngati malamulo a kuntchito akulola. Mukalowa kuchokera mu seshoni yakutali, mawu anu amayenda kaye kupita ku kompyuta ija kenako n'kupita kwa anzanuwo, ndipo mawu awo amabwerera mwa njira yomweyo, choncho kuchedwa kumawonjezeka ndipo mumayamba kudulana pakamwa. Apa m'pamene sikirini ya laputopu imene inasiyidwa pa `selectedmonitors` ija imagwira ntchito: msonkhano pa laputopu, zikalata pa masikirini awiri a kutali. Ngati pazifukwa zina mwalowa msonkhano womwewo mbali zonse ziwiri, mwachitsanzo kuti muonetse anzanu sikirini ya uko, tsekani maikolofoni ndi sipika za msonkhanowo ku mbali yakutali, apo ayi aliyense azimva mawu ake akubwerera kawiri.